Masamba ochuluka m'mbale, nanga njala ikubwereranji msanga?

"Ndayamba kudya masamba ambiri kuti ndichepetse thupi, koma pakangotha maola awiri njala imandigwiranso, ndipo m'mimba mumangodzaza mpweya. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Njira mwasankhayi ndi yabwino, kungoti masamba paokha amagwira mbali imodzi yokha ya ntchitoyi. Munthu amamva kukhuta chifu chikatambasuka, ndipo chimene chimachitambasula ndi kuchuluka kwa chakudya, osati makalori amene ali m'menemo, omwe ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, ya sitachi kapena mapuloteni ili ndi 4, pamene madzi alibiretu. N'chifukwa chake magalamu 100 a kabichi, amene mbali yake yaikulu ndi madzi, ali ndi makalori pafupifupi 25, koma mpunga wophika wolemera chimodzimodzi uli ndi pafupifupi 130.

Vuto ndi lakuti kukhuta kotereku sikukhalitsa. Chimene chimachedwetsa njala ndi mapuloteni pamodzi ndi faiba, mbali ya zakudya zomera imene thupi siligaya, makamaka wa mtundu umene umasungunuka m'madzi n'kulendeka ngati phala, amene amachititsa kuti chakudya chizichoka m'chifu pang'onopang'ono. Nyemba zili ndi zonse ziwirizi, ndipo ndikukhulupirira kuti ndizo zikusowa m'mbale mwanu.

Tiyerekeze kuti poyamba munkadya mpunga magalamu 400, kabichi magalamu 100 ndi masipuni aakulu awiri a mafuta ophikira. Amenewo ndi makalori pafupifupi 785. Tsopano gawani mpungawo pakati, ikanipo nyemba zophika magalamu 150, kabichi achuluke kufika magalamu 300, ndipo mafuta akhale sipuni imodzi. Mbaleyo yalemera kuposa kale, koma makalori atsika kufika pafupifupi 645. Pa mafutawa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa amakhala atayesetsa ndithu: sipuni imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, kuposa kabichi yense wa m'mbalemo. Mukaona timadontho tonyezimira titatsalira pansi pa mbale mutatha kudya, dziwani kuti dzanja linapitirira pothira.

Madzi nawonso amathandiza kwambiri akakhala mkati mwa chakudya. Barbara Rolls wa ku yunivesite ya Penn State anapeza kuti anthu amene anadya chakudya chosandutsidwa supu anadya zochepa pambuyo pake kusiyana ndi amene anadya chakudya chomwecho n'kumwera madzi a m'tambula.

Mpweyawo ukusonyeza kuti mwawonjezera faiba mofulumira, mabakiteriya a m'matumbo amene amamuswa asanazolowere. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 a faiba patsiku, koma mufikepo pang'onopang'ono pa milungu ingapo, kuyambira ndi masipuni awiri kapena atatu a nyemba zoviikidwa usiku wonse n'kuphikidwa mpaka kufewa, uku mukumwa madzi okwanira kuti musadzimbidwe. Ngati m'mimba mukupweteka kwambiri kapena mwaona magazi m'chimbudzi, musayembekeze kuti thupi lizolowera, kaonaneni ndi dokotala.