Mpweya wa m'matayala: yezani galimoto isanayende

"Zikomo achimwene. Sabata yatha ndimapita ku Mzuzu kuchokera ku Lilongwe pa Sienta yanga. Nditaima pa Kasungu kuthira mafuta, mnyamata wa pa filing'i siteshoni anayeza matayala n'kunena kuti mpweya wachuluka, uli pa 38, ndipo anaphwetsako mpaka 33. M'mawa mwake ku Mzuzu matayala amaoneka ngati aphwa. Kodi ndabooledwa onse anayi?"

Ayi bambo, simunabooledwe. Mpweya wanu unatsala pa Kasungu paja.

Nambala imene opanga galimoto amapereka ndi ya tayala lozizira, kutanthauza galimoto imene yaima maola atatu kapena kuposerapo, kapena yangoyenda pang'onopang'ono osapitirira makilomita awiri. Tayala likamagudubuzika limapindika ndi kuwongoka pamene likugunda pansi, ndipo limatentha. Mpweya wa m'kati ukatentha umakankha mwamphamvu, choncho geji yoyezera mpweya imakwera ndi 4 psi mpaka 6 psi; psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya wa m'tayala. Zimenezi opanga anaziwerengera kale, sivuto ayi. Mutayenda makilomita opitirira 100 pa M1 dzuwa likuswa mtengo, 38 ija inali nambala yabwinobwino ya tayala limene linanyamuka lili pa 33. Mnyamatayo atalitsitsa pa 33 lili lotentha, usiku linazizira n'kugwera cha pa 28. N'chifukwa chake tayala lotentha saliphwetsa, ngakhale geji ionetse nambala yoopsa m'maso mwanu.

Chodetsa nkhawa ndi 28 yo, osati 38. Tayala lochepa mpweya limapindika kwambiri m'mbali, ndipo kupindikako kumalitenthetsa mopitirira muyezo mpaka mphira kuyamba kulekana ndi mawaya a m'kati. Ndi mmene matayala ambiri amaphulikira pa liwiro, makamaka galimoto itadzaza anthu ndi matumba a chimanga kumbuyo. Mukagwera m'dzenje, tayala lofewa limapanikizika pa limu n'kutupa chotupa m'mbali, ndipo chotupa chotere sachimata, tayalalo latha basi. Mafuta nawonso amapita ambiri. Mukafuna umboni, pitirizani dzanja pamwamba pa tayala: lochepa mpweya limadyeka m'mphepete monse muwiri pakati pali bwino, pamene lopopedwa mopyola limadyeka pakati.

Tsono nambala yoyenera muipeza kuti? Tsegulani chitseko cha dalaivala, muyang'ane pa chitsulo chimene chitseko chimatsekerapo. Pali kapepala komatidwa. Pa galimoto zochokera ku Japan mawu ake ndi a Chijapanizi, koma manambala amawerengeka, ndipo amakhala mu kPa. Tinene kuti palembedwa 230: imeneyo ndi 2.3 bar, kapena 33 psi pa geji zambiri za kuno. Onaninso ngati kutsogolo ndi kumbuyo kwapatsidwa nambala zosiyana. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala, monga 44 psi kapena 51 psi, musaitsate. Imeneyo ndi malire a tayalalo, osati mpweya woyendera, ngakhale opopa matayala ambiri m'mbali mwa msewu amaloza pomwepo.

Gulani geji yanuyanu, kaya ya ngati cholembera kaya ya manambala, chifukwa za pa filing'i siteshoni zimagwetsedwa pansi tsiku ndi tsiku ndipo zina zimanama. Yezani m'mamawa dzuwa lisanawombe matayala, poti mbali imene ili padzuwa imaonetsa nambala yokwererapo. Masulani kachivindikiro ka valavu, kanikizani geji mowongoka mpaka kaphokoso ka "tsss" kasiye. Kakapitirira, ndiye kuti geji yapendekeka ndipo nambalayo ndi yabodza. Yezani kawiri tayala lililonse. Pomaliza pakani timalovu kapena madzi a sopo pakamwa pa valavu: pakatuluka thovu, kapini ka m'kati kakutaya mpweya, kamangitseni kapena kasinthitseni. Bwezerani kachivindikiro, fumbi lathuli limalowa paliponse.

Ngati pampu ili kutali, chitani masamu kunyumba. Tayala lozizira laonetsa 30 m'malo mwa 33, ndiye kuti likusowa 3. Mukafika kopopera n'kupeza lakwera pa 32, popani mpaka 35, osati 33.

Maso okha sathandiza, chifukwa tayala la masiku ano likhoza kusowa 5 psi n'kumaoneka lokhuta. Ndipo ngakhale lopanda bowo limataya pafupifupi 1 psi pa mwezi. Nyengo nayo imaba: tayala lopopedwa kukutentha madigiri 30 limatsika pafupifupi 3 psi m'mawa wa m'nyengo yozizira wa madigiri 10. Kamodzi pa mwezi ndi m'mawa wa ulendo uliwonse wautali, geji igwire ntchito. Sipeya musaiiwale. Ngati ndi kaja kakang'ono kopyapyala, kamafuna 420 kPa, yomwe ndi 60 psi, ndipo nthawi zambiri kamapezeka katafota pansi pa katundu pa tsiku limene kakufunika.