Tizithunzi ta pa lipoti la zokolola tichokere malo amodzi

"Abale, ndikukonza lipoti la zokolola za kalabu yathu ya alimi pa PowerPoint. Tizithunzi ndatola pa Google, kena apa kena apo, koma tsamba likuoneka losokonekera. Nali tsambalo, ndalakwitsa pati?"

Mayi, ndaliona tsamba lanu. Tizithunzito tinajambulidwa ndi manja osiyanasiyana. Chimanga chili ndi mthunzi komanso mitundu yambiri, mtedza ndi wa mizere yopyapyala, pomwe thumba lakhala m'kabokosi koyera. Wowerenga amayesa kuti kusiyanako kukutanthauza kanthu, ndiye maso ake amathamangira chimanga chowalacho m'malo mwa manambala amene mwavutikira kusonkhanitsa.

Chotsani tonse, muyambirenso ndi gwero limodzi. Ngati PowerPoint yanu ndi ya 2019 kapena Microsoft 365, pitani pa Insert, kenako Icons. Tizithunzi takumeneko mutha kutisintha mtundu tonse pamodzi pa Graphics Fill. Ikakhala yakale, tengani Material Symbols ya Google, yomwe ndi yaulere. Ili ndi masitayelo atatu, Outlined, Rounded ndi Sharp. Sankhani imodzi, musasakanize. Tonse tikhale tofanana kukula ndi kunenepa kwa mizere, mtundu umodzi, mwina wobiriwira. Mtundu wachiwiri musungire chinthu chimodzi chokha chimene mukufuna anthu achione msanga.

Pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa manambala. Tinene kuti mwakolola matumba 40 a chimanga, 20 a mtedza ndi 10 a soya. Ambiri amakulitsa thumba la chimanga kuti lisonyeze kuchuluka. Koma mukawirikiza kawiri msinkhu ndi mulifupi womwe, thumbalo limatenga malo kanayi, ndipo mwanamiza anthu osafuna. Njira yabwino ndi yomwe Otto Neurath ndi anzake anakhazikitsa ku Vienna m'zaka za m'ma 1920: zinthu zikachuluka, bwerezani kachithunzi komweko, osakakulitsa. Lembani m'munsi kuti kathumba kamodzi kakuimira matumba 10. Chimanga chilandire timatumba tinayi, mtedza tiwiri, soya kamodzi, mizere yonse iyambire pofanana kumanzere. Ngakhale agogo osadziwa kuwerenga awerenga timatumbato n'kumva. Ngati soya ndi matumba 15, dulani kachiwiriko pakati.

Apa mwaonanso kuti simukufunika kusaka kachithunzi ka soya, komwe n'kovuta kukapeza. Kathumba kamodzi kakukwanira, dzina la mbewu mulembe kumanzere kwa mzere, nambala kumanja. Mawu musawasiye, chifukwa tizithunzi tambiri ta pa intaneti tinajambulidwira anthu akunja, ndipo nkhokwe yawo sifanana ndi yathu.

Musanasindikize makope a mamembala onse, fotokopani tsamba limodzi lopanda mitundu. Mizere ikazimirira, sankhani tizithunzi todzaza mkati, pa Material Symbols yatsani Fill. Kenako lionetseni membala mmodzi osamufotokozera, akuuzeni mbewu yomwe yachuluka. Akachedwa kuyankha, chepetsaninso zimene zili patsambalo.