Mbiri yanga ya ntchito ikumveka ngati kudzitama ndikayiyika mu Chichewa

"Achimwene, ndine namwino komanso mzamba, ndagwira ntchito zaka 12. Andiyitana kukayankhula ku msonkhano wa amayi kwathu ku Mulanje ndipo akufuna mbiri yanga mu Chichewa yoti emusi akawerenge. Ndili nayo ya Chingerezi koma ndikaimasulira ikumveka ngati ndikudzitama. Nditani?"

Chemwali, ya Chingereziyo itsekeni kaye, osamasulira chiganizo ndi chiganizo ayi. Tengani pepala mulembe mfundo zokha: dzina, kwanu, ntchito, sukulu, zaka, ndi chinthu chimodzi chomwe munachita choti munthu angachiwone ndi maso. Kenako mulembe mwatsopano mukuganizira amayi amene adzakhale pa mphasa kumvetsera aja.

Chikukuvutanicho ndi mawu odzichemerera omwe mbiri za Chingerezi zimakonda, a pashoneti, a dayinamiki, a hadiweka ndi anzawo. Ku Chingerezi anthu anawazolowera mpaka sawamvanso, koma inu mukangolemba kuti "ndine wakhama, wanzeru komanso wodzipereka kwambiri" amayi ayamba kugwirana m'mbali, chifukwa kwathu kuno mawu amenewo amakunenera ndi ena. Ndiye mawu oterowo achotseni, m'malo mwake muikepo ntchito. Ngati munalemba kuti ndinu pashoneti pa uchembere wabwino, dzifunseni kuti munachita chani kuti munene choncho. Mwina mumaphunzitsa amayi ku sikelo m'mawa uliwonse, mwina munaphunzitsa anamwino atsopano ku wodi ya amayi oyembekezera. Chimenecho nchomwe chilowe.

Ndondomeko nayonso imasintha. Chingerezi chimayamba ndi udindo, kwanu sikutchulidwa nkomwe kapena kumabwera kumapeto. Pa msonkhano wa kumudzi anthu amafuna adziwe kaye kuti ndinu mwana wa kuti, ndiye mudzi, mfumu yaikulu ndi boma zibwere koyamba, ndipo poti mukupita kwanu komwe, chiganizo chimenechi chikugwirirani ntchito kuposa digiri. Komanso poti awerenge ndi emusi, lembani mwaulemu ngati mukunena za munthu wina, "Mayi Uje, iwo anaphunzira", osati "iye anaphunzira". Ndikudziwa zimamveka zachilendo kudzilembera ulemu wekha koma pakamwa pomwe zitulukire si panu, ndipo emusi akawerenga "iye" pamaso pa mafumu zimveka ngati akukupeputsani.

Ineyo ndikanalemba chonchi:

"Mlendo wathu lero ndi Mayi Uje, mwana wa konkuno ku Mulanje, m'mudzi mwa Uje, mfumu yaikulu Uje. Iwo ndi namwino komanso mzamba wa kuchipatala, ndipo ntchitoyi aigwira zaka 12. Anaphunzira ku Kamuzu College of Nursing komwe anatenga digiri ya unamwino ndi uzamba. Panopa amayang'anira wodi ya amayi oyembekezera komanso amaphunzitsa anamwino ongoyamba kumene."

Sukulu ndi udindo ndangoyerekeza, muikepo zanu. Koma taonani ndati "mzamba wa kuchipatala", chifukwa mukangoti mzamba basi ena aganiza za azamba a kumudzi. Dzina la sukulu musalimasulire, ndipo ngati munaphunziradi kumeneko lembani dzina lomwe lili pa satifiketi yanu, ngakhale kuti kuyambira 2021 koleji ija inaphatikizana ndi College of Medicine nkukhala Kamuzu University of Health Sciences. Zilembo zachidule zija za kumapeto kwa dzina zisiyeni, palibe azimve.

Tsiku lina mudzafuna kubwerera ku Chingerezi, mwina pofunsira sikolashipu, ndipo apa mpomwe mtima umandipweteka chifukwa anthu odziwa ntchito amadzichepetsa okha osadziwa. Kwathu timati "ndimathandizako amayi pobereka" kapena "ndimayesetsa", ndi ulemu umenewo, koma mukazimasulira momwemo wowerenga wa kunja aganiza kuti ndinu wothandizira chabe, mwinanso wongodzipereka wopanda pepala. Pamenepo tchulani udindo wanu weniweni monga ulili pa kalata ya ntchito, zaka 12 zija, ndi kukula kwa wodi yomwe mumayang'anira. Mudzi ndi mfumu zichoke, Mulanje ndi Malawi zakwana. Ndipo mukapatsa munthu wina kuti akumasulireni mumuuze kuti "iwo" uja ndi munthu mmodzi wamkazi, chifukwa Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pomwe Chingerezi chimafuna usankhe, ndiye womasulira wosakudziwani angakusandutseni bambo kapena gulu la anthu.

Musanatumize kwa emusi, dzijambuleni pa foni mukuwerenga mokweza, mutumize voisi notiyo kwa mayi anu kapena azakhali. Pomwe lilime lapunthwa kapena pomwe iwo afunsa kuti "ndiye kuti chani", pamenepo pakadali Chingerezi, mukonze. Isapitirire theka la mphindi, ziganizo zinayi kapena zisanu zakwana.