Ngodya yagawidwa pakati, koma mbali ija ayi

"Bambo, mwana wanga wabwera akulira. Anapatsidwa thirayango ABC, AB ndi 6 cm, AC ndi 9 cm, BC ndi 10 cm. Mzere AD wagawa ngodya A pakati ndipo wafika pa BC. Funso linali loti apeze BD. Iye analemba 5 cm, aphunzitsi amuthetha. Inenso ndikuona kuti ndi 5. Ngati ngodya yagawidwa pakati, bwanji mbaliyo isagawike pakati?"

Mayi, kalata yanuyi yandikumbutsa bala lakale. Samu ya mtundu womwewu inandichititsa manyazi ndili ku sekondale, ndipo sindinangoilakwa mu kope ayi, ndinailakwa pa bolodi, kalasi yonse ikuona. Ndinatenga choko monyada, ndinagawa mbali ija pawiri, ndinalemba yankho, n'kulitsekera mizere iwiri pansi ngati munthu wodziwa. Aphunzitsi sanandikalipire. Anangondipatsa rula ya pa bolodi ndi kampasi yaikulu ija, n'kunena kuti, "Jambula, uyeze." Manja akunjenjemera ndinajambula, ndinagawa ngodya ndi kampasi, ndinakoka mzere. Unakagwera pambali, kutali ndi pakati. Ndinafufuta, ndinayambiranso, poganiza kuti kampasi yaterereka. Unakagwera pomwepo. Anzanga anaseka mpaka wina anagwetsa mpando.

Usiku umenewo ndinajambula mathirayango ambirimbiri kumapeto kwa kope, ndikufuna imodzi yokha yoti indiikire kumbuyo. Ndinaipeza: ya mbali ziwiri zofanana. Pamenepo pokha, AB ikafanana ndi AC, mzere uja umafikadi pakati penipeni. Ndipo apa ndi pamene ndimakwiyira zithunzi zambiri zophunzitsira. Amajambula thirayango yooneka bwino, mbali zake pafupifupi zofanana, kotero kuti D amaoneka ngati ali pakati. Diso la mwana limakhulupirira chithunzi kuposa mawu. Ndinayamba ndi kunena kuti vuto linali langa, koma ayi, ndikubweza mawu: amene amaphunzitsa lamuloli ndi thirayango yokongola ndiye amabzala 5 ameneyu m'mutu mwa ana. Lamuloli liyenera kuyamba ndi thirayango yopendekeka moipa.

Yesani iyi ndi mwana wanu: AB ikhale 2 cm, AC 10 cm, BC 9 cm. Gawani ngodya A pakati. Mzerewo ukafika pa BC patangopita 1.5 cm kuchokera pa B, ndipo mbali inayo kutsala 7.5 cm. Palibe angayang'ane chithunzi chimenecho n'kunena kuti ndi pakati. Taonaninso manambalawo: 10 ndi 2 kasanu, 7.5 nayenso ndi 1.5 kasanu. Lamulo lonse lagona pamenepo. Mzere wogawa ngodya pakati umadula mbali yoyang'anana nayo m'zidutswa ziwiri zimene zimatsata kutalika kwa mbali ziwiri zopanga ngodyayo:

BD/DC = AB/AC

Mbali yaitali imatenga chidutswa chachikulu, yaifupi chaching'ono, ndipo reshiyo yake ndi yomweyo ndendende.

Chimene chinanditsegula maso ine si chilinganizochi ayi. Imani pafupi ndi mapeto amodzi a khoma lalitali, muliyang'ane chammbali. Njerwa zapafupi zimaoneka zazikulu, zakutali zimapanikizana. Mukatembenuza mutu madigiri 20 muli kufupi, maso adutsa njerwa zochepa. Mukatembenuzanso madigiri 20 ena kulowera kutali, adutsa njerwa zambiri. Ngodya ndi zofanana, koma khoma limene zaphimba silofanana. A ndi pamene mwaima, BC ndiye khomalo.

Komatu khoma si umboni, limangouza munthu kumene D apendekere. Umboni umene ndimaukonda ndi wa kukula kwa malo, eriya. Mzere AD wadula thirayango yathu kukhala ziwiri, ABD ndi ACD. Eriya ya thirayango ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu. Tikatenga BD ndi DC ngati matsinde, ziwirizi zili ndi msinkhu umodzi, wochokera pa A kutsikira pa BC, choncho maeriya awo ali ngati BD kwa DC. Tsopano zitembenuzeni, matsinde akhale AB ndi AC. Misinkhu yake ichokera pa D, wina kupita pa AB, wina pa AC. Misinkhu iwiriyi ndi yofanana, chifukwa kadontho kalikonse kokhala pa mzere wogawa ngodya pakati kamatalikirana mofanana ndi mikono iwiri ya ngodyayo. Ndiye maeriya omwe aja ali ngati AB kwa AC. Maeriya sanasinthe, tangowayeza kawiri, choncho BD kwa DC ndi chimodzimodzi AB kwa AC. Mwana akamva izi kamodzi, saloweza kanthu.

Kungopatukako pang'ono: lamuloli ndi lakale kwambiri. Yukilidi wa ku Alekizandiriya, amene analemba cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, analiika m'buku lake la 6 la jometile ngati mfundo ya 3. Iye anadzera njira ina. Anakoka mzere kuchokera pa C woyenda mofanana ndi AD osakumana nawo, n'kutalikitsa BA mpaka ikumane ndi mzerewo pa E. M'thirayango ACE, ngodya za pa C ndi pa E zimafanana, motero AE imafanana ndi AC, ndipo zotsalazo ndi reshiyo ya mizere yosakumana. Ndi umboni waukhondo, koma ine ndili mwana ndinkadzifunsa kuti munthu angaganize bwanji zokoka mzere kunja kwa chithunzi. Mpaka lero sindiyamba nawo pophunzitsa. Anatsimikizanso kuti lamuloli limagwira chobwerera: mukapeza kuti BD/DC ndi yofanana ndi AB/AC, ndiye kuti AD wagawadi ngodya A pakati.

Mizere itatu imene ana amaisokoneza

Kuchokera pa A kupita pa BC pali mizere itatu yotchuka, ndipo m'thirayango ya mwana wanuyi iliyonse ili ndi pofikira pake. Msinkhu, umene umagwa choongoka pa madigiri 90, ukufika 2.75 cm kuchokera pa B. Wopita pakati penipeni pa BC, midiyani, ukufika pa 5 cm. Wogawa ngodya uli pakati pa iwiriyo, ndipo nthawi zonse umakhala pakati pawo, kupatula pamene AB ndi AC zafanana, pomwe itatu yonse imasanduka mzere umodzi. Choncho mwana wanu sanalembe zopanda mutu. Anayankha funso la midiyani, limene sanafunsidwe.

Samu yake ndi iyi. Reshiyo ndi 6 kwa 9, kapena 2 kwa 3. Magawo onse pamodzi ndi 5, ndipo 10 cm kugawa kasanu ndi 2 cm gawo lililonse. BD itenga magawo awiri, 4 cm, DC itenga atatu, 6 cm.

Mumuchenjeze pa misampha iwiri. Wina amatembenuza reshiyo n'kupeza BD = 6; akumbukire kuti chidutswa chokhudza B chimayenda ndi mbali yokhudza B. Wina amachulukitsa 10 ndi 6/9 n'kupeza 6.67, chifukwa waika BC yonse pamalo pa DC. Pansi payenera kukhala 6 + 9, ndiye 10 × 6/15. Zonse ziwirizi zimagwidwa ndi funso limodzi asanapereke pepala: AB ndi yaifupi kuposa AC, kodi BD yanga yachepera 5? Ndipo mayi, musamuuze yankho kaye. Mupatseni rula ndi kampasi, ajambule ndi miyezo yeniyeniyo, ayeze BD yekha.