Vidiyo ya ukwati ikuoneka mabokosimabokosi

Funso: Achimwene, ndimajambula maukwati kuno ku Mzuzu. Ndikatulutsa vidiyo pogwiritsa ntchito galafiki khadi imatha msanga, koma pofika pa pelekani-pelekani nkhope zimasanduka mabokosimabokosi. Ndikagwiritsa pulosesa imaoneka bwino, koma imatha usiku wonse. Khadi yanga yafa?

Yankho: Khadi siinafe, bwana. Bitireti yanu, kutanthauza kuchuluka kwa deta imene vidiyo imapatsidwa pa sekondi iliyonse, ndi yochepa, basi. Ambiri obwera kushopu kuno ndi dandaulo limeneli ndimapeza anaika 4 Mbps pa vidiyo ya 1080p pofuna kuti fayilo ichepe.

NVENC ndi kachipangizo kapadera kotulutsira vidiyo mkati mwa khadi ya NVIDIA, ndipo anakapanga kuti kazithamanga. Sikakhala ndi nthawi yofufuza bwino kuti chasuntha n'chiyani pakati pa chithunzi ichi ndi chinzake. x264, pulogalamu yotulutsira vidiyo pa pulosesa, imafufuza mofatsa, n'chifukwa chake imachedwa koma imasunga zambiri m'malo ochepa. Abusa akaima phe pa guwa kusiyanaku simungakuone. Koma muholo ya mdima, anthu akuvina, zitenje za maluwa zikuzungulira, ndalama zikuuluka, chilichonse chikusuntha nthawi imodzi, pamenepo khadi yomanidwa bitireti imangopaka matope.

Musanatulutse vidiyo yonse, chitani chimene ine ndimachita nthawi zonse. Dulani masekondi 30 a pamene pavuta kwambiri, osati poyambirira pamene mkwatibwi wangokhala pampando. Muwatulutse kawiri ndi pulogalamu ya ffmpeg pa bitireti imodzimodzi, koyamba pa khadi, kachiwiri pa pulosesa, ndipo m'malo mwa 00:42:00 muike nthawi ya pamene pavutapo:

```
ffmpeg -ss 00:42:00 -t 30 -i ukwati.mp4 -c:v h264_nvenc -preset p7 -b:v 8M a.mp4
ffmpeg -ss 00:42:00 -t 30 -i ukwati.mp4 -c:v libx264 -preset slow -b:v 8M b.mp4
```

Tsegulani zonse ziwiri pa TV, osati pafoni, chifukwa sikirini yaing'ono imabisa zolakwika. Imitsani pa sekondi yomweyo. Yang'anani tsitsi, lesi ya diresi, ndi khoma lakuda kumbuyo kwa ovina. Ngati khomalo lili ndi mizere ngati masitepe, kwezani bitireti ya khadi pang'ono muyesenso. Zimandiwawa kuona munthu akudikira maola asanu ndi limodzi, magetsi n'kuthima ntchito ili pakati, chonsecho mphindi zochepa zikanamuuza zoona.

Samalani ndi kukula kwa fayilo. Ola limodzi pa 8 Mbps ndi pafupifupi 3.6 GB, pa 10 Mbps ndi 4.5 GB, ndipo fulashi ya FAT32 siilandira fayilo yopitirira 4 GB.

Simunandiuze khadi yake. Kuyambira GTX 1660 kupita m'mwamba NVENC ndi yabwino ndithu, zakale zimafuna bitireti yokulirapo. Ngati anakugulitsani GT 1030 ati njotchipa, imeneyo ilibe NVENC n'komwe, mwina liwiro mukulionalo likuchokera ku Quick Sync, kachipangizo kotulutsira vidiyo ka mu pulosesa ya Intel. Vidiyo yoti kasitomala asunge zaka zambiri ipatseni x264. Yoti aonere mawa lomwe, khadi pa 8 Mbps ikwanira ngati mayeso aja akhoza.