Tizilembo ta Chiarabu musatipanikize chonde

"Achimwene, ndapatsidwa chojambula cha pampu ya madzi kuti maleboo ake ndiike m'Chiarabu, koma mawu sakukwana m'timabokosi. Ndingochepetsa fonti?"

Ayi achemwali, musatero. Ineyo ndinachitapo zimenezi ndipo mpaka pano zimandiwawa. Chinali chojambula cha injini, womasulira ananditumizira mawu ake abwinobwino, ine nkumangofinya fonti kuchoka pa 8 mpaka kufika pa 5 kuti zilowe, pa kompyuta zimaoneka bho chifukwa ndinali nditakulitsa sikirini. Atapulinta, womasulira uja anaimba foni nkundifunsa modekha ngati ndinayesapo kuwerenga pepalalo. Ndinasowa chonena.

Nkhani ndi timadontho. Zilembo zambiri za Chiarabu thupi lake ndi limodzi, zimasiyana timadontho basi. Onani بيت (nyumba) ndi بنت (mtsikana), kusiyana kwake ndi timadontho tiwiri pansi kapena kamodzi pamwamba pa chilembo chapakaticho. Mukachepetsa, inki imagwirana, timadontho tiwiri nkusanduka kamzere, ndiye makaniko ali mu garaja manja ali oilo okhaokha azikhalira kulota kuti palembedwa chani? Ndiye ine ndimakana, Chiarabu chimafuna kukula pang'ono kuposa Chingerezi chimene chinalipo, kuchepa ayi.

Ndipo njira zathu zija zachizolowezi sizigwira kuno. Mawu sadulidwa ndi kamzere kumapeto kwa mzere, zilembo zikuluzikulu zopangira chidule kulibe, komanso mukaseweretsa mpata wa pakati pa zilembo mumawononga polumikizira poti zimalembedwa zogwirana. Kulumikizanako kumandikumbutsa china, mu pulogalamu yojambulira ya Illustrator mukapanda kusankha Middle Eastern & South Asian Single-line Composer zilembo zimatha kutuluka chilichonse pachokha komanso chobwerera. Mukaona zilembo zonse zaima motalikirana dziwani kuti zavuta, ngakhale simuwerenga Chiarabu. Manambalanso funsiranitu, ku Egypt ambiri amalemba ٥ kutanthauza 5 pomwe ziro wawo ndi kadontho ٠, ku Morocco amalemba ngati ife. Kadontho ka ziro kaja pa fonti yaing'ono kamangooneka ngati fumbi.

Nanga pampu yanuyo

Bwererani kwa womasulira mumuuze kukula kwa bokosi, afupikitse mawu yekha. Vavu yoletsa madzi kubwerera, صمام عدم الرجوع, imatchedwanso صمام لا رجعي, mamilimita ndi مم basi. Sankhani fonti yosavuta ngati Noto Sans Arabic, mawu ayambire kumanja kwa bokosi. Zikakanikabe ikani manambala 1, 2, 3 pachojambulapo, mawu onse apite m'munsi pomwe pali malo. Chojambulacho musachitembenuze, paipi yolowetsa madzi ikhale mbali yomwe ili pa pampu yeniyeni. Kenako pulintani pa saizi yake yeniyeni mupatse munthu wodziwa Chiarabu awerenge ataligwira pepalalo m'manja.