Thanzi si Sobo woti mungosungunula mmene mwakondera

"Asisi zikomo, ndine mayi wa ku Mkanda kuno ku Mchinji. Mwana wanga wa chaka ndi miyezi 2 wayamba kutsegula m'mimba dzana, alangizi azaumoyo anandipatsa mapaketi awiri a Thanzi ndi mapilitsi a zinki. Poti lita yonse sangamalize ndinathira theka la paketi mu kapu ya tiyi koma akukana, apongozi anawonjezera shuga kuti azikomako, atamwa anasanza. Kutsegula sikunasiye. Thanziyu akugwira ntchito? Nanga zinki ndipitirize?"

Mayi, choyamba kapu imeneyo ngati ikadalipo tayani pompano musanamalize n'komwe kuwerenga izi. Sikuti ndikukunenani ayi, maganizo anuwo ndi amene amayi ambiri amakhala nawo, kuti bwanji ndiwononge paketi yonse pa kamwana kakang'ono chonchi, koma nkhani ya Thanzi yonse yagona pa muyezo wa madzi ndiye mukaphonya pamenepo zinazo zimasokonekera zonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Paketi imene amapereka kuchipatala, ija yolembedwa kuti ORS, inapangidwira madzi okwana lita imodzi. Theka la paketi ndiye kuti limafuna theka la lita. Kapu ya tiyi yathu ija imalowa mwina kota ya lita basi, ndiye kuti zimene munapangazo mchere wake unali wowirikiza kawiri pa mmene umayenera kukhalira, ndipo mukanathira paketi yonse mukanawirikiza kanayi. Mwanayo pokana sanalakwe, lilime lake linamuuza zoona. Thanzi wosungunula bwino mukalawa mchere wake umangomveka pang'ono ngati misozi, akamawawa mchere ngati msuzi wa usipa wouma ndiye kuti madzi achepa.

Chifukwa chake ndimalimbikira pamenepa ndi ichi. Mu ufa uja muli shuga ndi mchere zoyezedwa kuti ziziyendera limodzi, shuga amathandiza matumbo kuyamwa mchere, mchere ukamalowa m'thupi umakoka madzi n'kulowa nawo, ndipo njira imeneyi imagwirabe ntchito ngakhale mwana akutsegula. Koma zikachuluka mopyola muyezo zimatembenuka, m'malo moti madzi achoke m'matumbo kupita m'thupi, amachoka m'thupi kubwera m'matumbo, kutsegula kumawonjezereka, ndipo mchere ukachuluka m'magazi mwana amamva ludzu losatha, amangolira mosatonthozeka, ena amafika pokomoka ndi kuphupha. Ine ndinaonapo mwana wotere nthawi imene ndinkagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono, agogo ake anathira mapaketi awiri mu botolo la mkaka la mwana poganiza kuti mankhwala akakhala amphamvu achira msanga, anachita izi chifukwa chomukonda mdzukulu wawo, mwanayo anapulumuka koma usiku umenewo sindidzauiwala. Shuga amene apongozi anawonjezera naye amachita zomwezo, amakokera madzi m'matumbo. N'chifukwa chakenso Fanta, Sobo ndi tiyi wa shuga wambiri si zompatsa mwana wotsegula m'mimba. Apongoziwo muwafotokozere mwaulemu, cholinga chawo chinali chabwino, ndipo ndi iwowo amene adzakhale naye mwana inu muli kudimba ndiye bola adziwe.

Za kugawa paketi ndi maso nazonso siyani. Ufa uja ndi zinthu zosakaniza, simungadziwe ngati theka limene mwathiralo latenga mchere wambiri kapena shuga wambiri, komanso paketi yotsegula imayamwa chinyezi n'kuumbika mabulumwa makamaka nyengo ya dzinja. Paketi yonse, lita yonse, nthawi imodzi.

Tsopano lita muipeza bwanji kumudzi kopanda jagi ya manambala? Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Njira yosavuta ndi botolo la madzi ogula lija la theka la lita, lolembedwa 500 ml, mulitsuke bwinobwino, mudzaze kawiri, imeneyo ndi lita. Botolo lagalasi la Fanta kapena kokakola limalowa mamililita 300, atatu amakwana 900, ndiye kuti pamafunika atatu ndi kachigawo kamodzi mwa magawo atatu a botolo lachinayi. Mukayeza kamodzi thirani mu jagi kapena kachigubu koyera mulembe mzere pamene madzi alekezera, tsiku lina mudzangodzaza mpaka pa mzerewo ngakhale usiku ndi tochi ya foni. Chinanso, ife a kuno kumalire timagula zinthu mbali zonse, ena ku Kamwendo ena mpaka ku Chipata, ndipo si mapaketi onse amene ali a lita imodzi, alipo ang'onoang'ono opangira madzi ochepa. Ndiye paketi iliyonse muziyamba mwawerenga kumbuyo kwake kuti yalembedwa madzi ochuluka bwanji, ngati zilembo zafufutika funsani alangizi.

Madziwo akhale otetezeka. Wiritsani, aziziritseni atavindikiridwa, kenako yezani lita. Kuyeza kukhale pambuyo powiritsa chifukwa pamoto madzi amaphwerako. Kapena madzi othira wotagadi kapena kolorini amene alangizi amagawa, mutadikira mphindi 30. Sambani m'manja ndi sopo, thirani ufa wonse, takasani ndi supuni yoyera mpaka pansi pasatsale kanthu. Mukasakaniza musawiritsenso, musathire m'madzi otentha, musasakanize ndi mkaka, phala kapena thobwa. Vindikirani. Pakatha maola 24 otsalawo tayani mupange ena, chifukwa muli shuga ndipo tizilombo timaswana mmenemo.

Mwina mukuti koma zotayazo n'zambiri. Tiyeni tione. Mwana wosakwana zaka 2 ngati wanuyo amayenera kumwa mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, kumeneko ndi pafupifupi kota mpaka theka la kapu ya tiyi ija. Akapambuka kasanu ndi kamodzi pa tsiku ndipo inu mukumupatsa 100 ulendo uliwonse, ndiye kuti wamwa 600, otsala ndi 400 okha, ndipo ngati akufuna wina mumupatse, musamumane. Mwana wa zaka 2 mpaka 10 amamwa 100 mpaka 200 ulendo uliwonse, iyeyo lita amatha kuimaliza. Ndiye zotayazo si zambiri monga mmene mumaganizira, ndipo kuchipatala cha boma ndi kwa alangizi paketi ndi yaulere.

Kamwetsedwe ndi kamene kamafuna kudekha. Osamugwira mphuno n'kumutsanulira kapu yonse, m'mimba mwake muli kale chipwirikiti abweza basi. Mukhazikeni pamwendo atadzuka, tengani supuni yaing'ono ya tiyi, supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Zimatopetsa, mamililita 100 ndi masupuni 20, mukhala pamenepo mwina theka la ola, ntchito zina ziyambe zaima kaye. Akasanza musataye mtima, dikirani mphindi 10 muyambirenso mochedwerapo kuposa poyamba, nthawi zambiri zimene wasanza zimachepa poyerekeza ndi zimene zatsala m'mimba. Bere musamuletse, ayamwe pafupipafupi kuposa masiku onse, ndipo phala lothira nsinjiro, nthochi yakupsa, mbatata yopota, muzimupatsa pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Zoti mwana wotsegula asadye kuti m'mimba mupume si zoona, zimangomuwondetsa.

Pa funso loti akugwira ntchito kapena ayi, apa ndi pamene amayi ambiri amakhumudwa n'kuthamangira ku golosale kukagula fulajilo kapena bakitirimu. Thanzi ntchito yake si kutseka m'mimba. Ntchito yake ndi kubwezeretsa madzi ndi mchere zimene zikutayika, chifukwa chimene chimapha ana si chimbudzicho koma kutha madzi m'thupi. Nthawi zambiri kutsegula kwa ana kumabwera ndi mavairasi amene maantibayotiki sawakhudza n'komwe, kumatha kokha pakapita masiku angapo. Ndiye mukafuna kudziwa ngati Thanzi akugwira musawerenge matewera achimbudzi okha, onani ngati mwana akukodza, mkamwa muli malovu, akalira misozi ikutuluka, maso ali gwa ndipo akusewerako.

Zinki pitirizani, ndipo uyu ndi amene amathandiza kuti kutsegula kuchepe msanga. Amakonza khungu la m'kati mwa matumbo limene laperepeseka, ndipo mwana akamaliza mapilitsi onse amatetezekako ku kutsegula kwina kwa miyezi iwiri kapena itatu ikubwerayo. Wanuyo poti wapitirira miyezi 6 ndi pilitsi limodzi la mamiligalamu 20 kamodzi pa tsiku, wosakwana miyezi 6 amamwa theka. Masiku ake ndi 10 mpaka 14, mutsatire amene alangizi anakuuzani, koma chachikulu musasiyire panjira. Chimene chimachitika m'makomo mwathu n'choti tsiku lachitatu mwana wachira, wayamba kuthamangitsa nkhuku, mapilitsi otsala aikidwa pa denga kusungira tsiku lina, ndiye mwezi wamawa mwabwereranso kukilinike ndi vuto lomwelo. Pilitsilo limasungunuka lokha, liikeni pa supuni, finyirani mkaka wa m'mawere pang'ono kapena timadzi toyera kapena Thanzi yemweyo, pakangopita kanthawi laphwanyika, mumwetse zonse. Musaliponye mu jagi ya lita ija chifukwa mwana samaliza yonse ndiye mankhwalanso samaliza. Zinki amatha kuchititsa mseru pamimba yopanda kanthu, choncho mpatseni atayamwa kapena atadya phala. Poti mwana wanu anasanza, mwina n'kapu yamchere ija, mwinanso zinki pa njala, konzani zonse ziwiri muone.

Koma pali malire a zochitira pakhomo, ndipo poti wanuyo lero ndi tsiku lachitatu muyang'anitsitse. Tsinani khungu la pamimba pake mulisiye, likabwerera pang'onopang'ono ngati khungu la nkhalamba ndiye kuti madzi atha. Maso akalowa m'kati, liwombo likalowa, akalefuka osafuna kudzuka, akakana bere ndi chakumwa chilichonse, akamasanza chilichonse chimene mwampatsa, akatentha thupi, akakomoka, kapena mukaona magazi m'chimbudzi, nyamukani nthawi yomweyo kaya ndi usiku, pezani kabaza mupite kuchipatala cha Mkanda, botolo la Thanzi lili m'manja mukumumwetsa m'njira ngati akutha kumeza. Za liwombo ndinenepo ndithu, likalowa si matenda a liwombo ofuna kumata mankhwala pamutu, ndi madzi amene achepa m'thupi, akabwerera nalo limadzadzanso. Chimbudzi chikakhala chambiri choyera ngati madzi otsukira mpunga ganizirani kolera, tonse tikukumbukira mmene inativutitsira mu 2022 ndi 2023, imeneyo imamaliza madzi m'maola ochepa. Ndipo ngati mwanayo ali wowonda kwambiri kapena mapazi otupa, kapena akulandira chiponde kusikelo, musamupangire Thanzi wambiri panokha, ana onyentchera ali ndi madzi awoawo amene amapereka kuchipatala ndipo amamwetsedwa a nesi akuyang'anira.

Ngati zonsezi palibe, tsegulani paketi yachiwiri ija musungunule mu lita yathunthu lero lomwe, yotsegula kale ija itayeni, ndipo mawa mupite kwa alangizi aja mukatenge ena muwauzenso kuti kutsegula sikunasiye amuone mwanayo ndi maso awo.